Lisiti la ku Tete pa foni: masulirani mawu, manambala asiyeni momwe alili

Funso: Ndine mlembi wa gulu la amayi ochita malonda kuno ku Chipata. Anzathu awiri anapita kukaoda katundu ku Tete kudzera pa Chanida, ndipo anatumiza chithunzi cha pepala la m'sitolo pa foni. Pepalalo lili m'Chipwitikizi. Mwana wanga analimasulira ndi foni n'kusintha ndalama zonse kukhala makwacha kuti amayi amve. Tsopano pabuka mkangano: ena akuti msonkho sukukwana 16%, ena akuti mpunga sungagulidwe pa mtengo umenewo. Ndilimasulire bwanji kuti aliyense akhutire? Chithunzi ndi ichi.

Yankho: Amayi, pepala la mwanayo liikeni pambali, muyambe latsopano. Iye sanalakwitse dala, anafuna kuthandiza. Kungoti lisiti lomasuliridwa lili ndi ntchito imodzi: munthu aziika chala pa nambala ya pa chithunzi, n'kuipeza nambala yomweyo pa pepala lanu, yosasintha ngakhale kadontho kamodzi. Nambala ikangosintha, pepalalo salinso mboni ya wogulitsa, lasanduka mawu a womasulira, ndipo amayi ali ndi chifukwa chomveka chokayikira. Mawu ndiwo mumasulira. Manambala mumangokopera. Zofotokoza zanu mumazilemba pamalo pake pomwe aliyense angaone kuti izi ndi za mlembi, si za mwini sitolo.

Chithunzi mwatumizachi ndi chowerengeka, ndiye tiyeni tichitsate. Pansi pa dzina la sitolo pali izi:

```
VENDA A DINHEIRO  N.º 0417          Data: 06/05/2025
Descrição              Qtd Un    Preço  Desc IVA       Valor
Capulana estamp.        40 Un   180,00   5%  16%    6.840,00
Massa esparg. 400g x20   6 Cx   760,00       16%    4.560,00
Balde plást. 20L        12 Un   150,00       16%    1.800,00
Arroz 25kg               4 Sc 1.450,00       Isento 5.800,00
```

Yambani ndi mutu wa pepalalo, chifukwa ndiwo umanena ngati ndalama zinatulukadi m'thumba. `Venda a Dinheiro` ndi pepala la katundu wogulidwa ndi kulipiridwa pompo. Likanakhala `Factura` lokha, likanangosonyeza kuti katundu wagulitsidwa ndipo ndalama zake ndi zakuti. Umboni wa kulipira ukanakhala pepala lina lotchedwa `Recibo`, kapena chidindo cholembedwa `PAGO`. Likanakhala `Cotação` kapena `Factura Proforma`, ndiye kuti ndi mitengo chabe yomwe wogulitsa wauza munthu wofunsa, palibe chomwe chagulidwa. Anthu ambiri mapepala onsewa amangowatcha lisiti, ndipo pocheza palibe vuto. Koma pomasulira musatero. Gulu likhoza kubweza ndalama kwa munthu pogwiritsa ntchito pepala longofunsira mitengo. Lembani dzina la pepalalo momwe lilili, kenako tanthauzo lake pambali. Nambala yake, 0417, ikopereni pamodzi ndi ziro wakutsogoloyo.

Tsiku nalonso likopereni momwemo, 06/05/2025. Ku Mozambique amayamba ndi tsiku kenako mwezi, monga timachitira kuno, choncho ili ndi tsiku la 6 Meyi. Mafoni ena otcheredwa mwa Chimereka amaliwerenga ngati 5 Juni. Mukafuna kuthandiza owerenga, lembani "6 Meyi" pambali, ngati ndemanga yanu.

Nkhani ya mpunga ija yachokera pa kalembedwe ka manambala. Kuno ku Zambia timalemba K1,450.00: mpatuliro, kachizindikiro ka mchira kaja, umalekanitsa masauzande, ndipo kadontho kamalekanitsa makwacha ndi mangwee. M'Chipwitikizi zizindikiro ziwirizi zimasinthana ntchito. `1.450,00` ndi mametikali 1450 ndendende, popanda masentavu. Munthu wozolowera kalembedwe kathu akaona kadontho pambuyo pa 1, maso amamuuza kuti ndi metikali imodzi ndi kakobiri pang'ono. Akasintha nambala imeneyo kukhala makwacha, thumba la mpunga la makilogalamu 25 limatuluka lotchipa kuposa bokosi la machesi, ndipo amayi amene anakana mtengowo anaona bwino. Mizere itatu yapamwambayo sinavute pa mtengo wa chinthu chimodzi chifukwa 180,00, 760,00 ndi 150,00 alibe kadontho. Mpunga wokha ndiwo uli ndi mtengo wopitirira sauzande.

Apa ambiri amaganiza kuti mankhwala ake ndi kutembenuza zizindikirozo kuti zifanane ndi zathu. Ine sindikulangizani kutero. Mukatembenuza manambala khumi ndi asanu, limodzi mudzaliiwala, ndipo pepala lokhala ndi kalembedwe kawiri ndi loipa kuposa lokhala ndi kalembedwe kachilendo kamodzi. Komanso munthu woyerekeza ndi chithunzi sapezanso zofanana. Ingolembani chiganizo chimodzi pamwamba pa pepala lanu: "Ndalama zonse pano ndi mametikali a ku Mozambique, ndipo zalembedwa monga zilili pa lisiti. Kadontho kakulekanitsa masauzande, mpatuliro ukulekanitsa masentavu." Basi. Ngati mukulemba pa kompyuta mu Excel, samalani kwambiri, chifukwa pulogalamuyo ikatcheredwa mwa Chingerezi imatenga `1.450` n'kuisandutsa `1.45` mwakachetechete. Musanalembe, sankhani danga lonse la ndalama n'kuliika pa `Text`, kapena muziyamba nambala iliyonse ndi kachizindikiro aka `'`. Dziwaninso kuti manambala olembedwa motero `SUM` imangowadumpha, ndiye kuwonkhetsa kuchitike pa kakyuleta.

Tsopano mizere ya katundu. Tengani pepala, muligawe madanga atatu. Loyamba: zomwe zili pa lisiti, zilembo ndi manambala momwe zilili. Lachiwiri: tanthauzo m'Chichewa. Lachitatu: ndemanga zanu. Mizere itsatane monga pa lisiti, ndipo musaphatikize mizere iwiri ngakhale katunduyo ali wofanana.

`Descrição` ndi dzina la katundu, `Qtd` ndi kuchuluka kwake, `Preço` ndi mtengo wa chimodzi, `Desc` ndi kuchotsera mtengo, `Valor` ndi ndalama za mzere wonsewo. Danga la pa lisiti lomwe limagwetsa anthu ndi la `Un`, lonena kuti "chimodzi" ndi chiyani. Pa zitenje ndi ndowa palembedwa `Un`, kutanthauza chinthu chimodzichimodzi. Pa mzere wachiwiri palembedwa `Cx`, chidule cha `caixa`, katoni. Pa mpunga pali `Sc`, chidule cha `saco`, thumba. Choncho 760,00 ndi mtengo wa katoni ya mapaketi 20, si wa paketi imodzi. Makatoni 6 ndi mapaketi 120, ndipo paketi imodzi ikugwera pa mametikali 38 msonkho usanalowe. Nambala ya 120 ndi ya 38 ndi zothandiza kwambiri kwa amayi oti akagulitse ku Kapata, koma pa lisiti palibe. Malo ake ndi m'danga lachitatu, ndi mawu akuti "kuwerengera kwa mlembi".

`Capulana estamp.` ndi chitenje chamaluwa kapena chazithunzi. `Balde plást. 20L` ndi ndowa yapulasitiki ya malita 20. `Arroz` ndi mpunga. Koma taonani `Massa esparg.` Mawu oti `massa` m'Chipwitikizi ali ndi matanthauzo angapo: ufa wokanda, phala la simenti, girisi wa galimoto, komanso zakudya ngati supageti ndi makaroni. Chomwe chikutiuza kuti pano ndi supageti ndi chidule chotsatiracho, `esparg.`, ndi kulemera kwa magalamu 400. Foni imavutika ndi mawu odulidwa chotere, chifukwa makina a m'sitolo amadula mayina kuti akwane pa pepala ndipo chidulecho sichipezeka mu dikishonale iliyonse. Mukakumana ndi chidule chomwe simukuchidziwa, njira yachidule ndi kufunsa amene anagulawo kuti atsegule katoni aone. Mukalemba tanthauzo lomwe mwangoganizira, onetsani kuti ndi loganizira. Mayina a makampani opanga katundu, manambala a katundu ndi miyeso monga 20L musazimasulire.

Musanapite pansi, yesani mzere uliwonse pa kakyuleta. 6 × 760 ndi 4560. 12 × 150 ndi 1800. 4 × 1450 ndi 5800, ndipo apa mpamene mukanagwirira kulakwika kwa mpunga kuja mosavuta. Zitenje: 40 × 180 ndi 7200, koma pa lisiti pali 6.840,00. Sikulakwitsa ayi. Anachotserapo 5%, yomwe ndi 360, ndipo 7200 kuchotsa 360 ndi 6840. Kuyesa kotere sikuti mukonze lisiti. Mukudziyesa nokha ngati mwawerenga bwino chithunzi.

Kunsi kwa pepala ndi kumene kuli nkhani ya msonkho:

```
Total Ilíquido   19.360,00     Incidência  Taxa      IVA
Desconto            360,00     13.200,00   16%  2.112,00
Total Líquido    19.000,00      5.800,00   Isento   0,00
IVA               2.112,00
TOTAL MT         21.112,00
Numerário 21.500,00   Troco 388,00   Caixa 02
```

`Total Ilíquido` ndi mtengo wa katundu yense asanachotsere kalikonse: 7200, 4560, 1800 ndi 5800 pamodzi ndi 19360. `Desconto` ndi 360 ya pa zitenje ija. Onetsetsani kuti amayi amva kuti ndi yomwe ija, si kuchotsera kwachiwiri. Ikuoneka kawiri chifukwa pamwamba inabisika mu mzere wa zitenje, pansi ikuonetsedwa payokha. `Total Líquido` ndi zotsala atachotsera, msonkho usanalowe. Foni nthawi zina imamasulira `líquido` ngati chinthu chamadzimadzi, chifukwa ndilo tanthauzo lake lina. Pa lisiti palibe za madzi. Chenjezo limodzi pa mawu amenewa: masitolo sagwiritsa ntchito pulogalamu imodzi, ndipo ena amalemba `líquido` pa nambala ina. Musadalire mawu okha, onani kuti nambalayo yatuluka pa kuwonkhetsa kuti.

`IVA` ndi msonkho wa ku Mozambique womwe wogula amalipira pamwamba pa mtengo wa katundu, mnzake wa VAT wathu. Unali 17%, ndipo kuyambira Januwale 2023 ndi 16%. Amayi amene akuti msonkho sukukwana anatenga 16% ya 19000 n'kupeza 3040, pomwe lisiti likuti 2.112,00. Kusiyana kwake ndi 928. Tsopano tengani 16% ya 5800, mtengo wa mpunga: ndi 928 yomweyo. Ndiye kuti palibe ndalama yomwe yasowa. Mpunga sunaikidwe msonkho, ndipo ndicho chomwe mawu oti `Isento` akunena: katundu amene lamulo lamupatula kuti asakhomeredwe msonkho umenewu. Ku Mozambique zakudya zina za tsiku ndi tsiku, monga mpunga, ufa wa chimanga, buledi ndi mchere wa ayodini, zili m'gulu limeneli.

Mawu ofunika kuwafotokoza modekha ndi `Incidência`. Ndi ndalama zimene msonkho wawerengedwapo, tinene kuti nkhuni zimene moto wa msonkho wagwira. Pano ndi zitenje 6840, supageti 4560 ndi ndowa 1800, pamodzi 13200. `Taxa` ndi mlingo wake, 16%. Samalani, mawu amenewa amamveka ngati akunena msonkho weniweniwo, koma pano akunena mlingo chabe. 16% ya 13200 ndi 2112. Onjezani pa 19000, mupeza 21112, yomwe ndi `TOTAL MT`, ndalama zonse zolipira. Onaninso kuti msonkho wawerengedwa pa 6840, osati pa 7200: kuchotsera mtengo kumayamba, msonkho umabwera pambuyo.

Mu danga lachiwiri musalembe VAT pamalo pa IVA. Lembani "IVA, msonkho wa ku Mozambique". Ndikudziwa kuti zikuoneka ngati kulimbana ndi zazing'ono, makamaka poti ku Zambia VAT nayonso ndi 16%. Kufanana kwa manambala kumeneku ndiko kumasokeretsa. Munthu akaona VAT pa pepala amaganiza kuti msonkho wa kuno walipiridwa kale, kapena kuti bizinesi yolembetsa VAT ingauitanitse ku ZRA. Ndalama imeneyo inapita ku boma la Mozambique, ZRA sinaione. Zolipira za pa boda polowetsa katundu ndi nkhani ina yokhala ndi mapepala ake. Chimodzimodzi `NUIT` yomwe ili pansi pa dzina la sitolo: ndi nambala ya wokhoma msonkho ku Mozambique, ya manambala 9. TPIN yathu ili ndi manambala 10. Ntchito zawo ndi zofanana, koma mukalemba TPIN pamalo pa NUIT, wina adzaifufuza kuno n'kusaipeza, n'kuyamba kunena kuti sitoloyo ndi yabodza.

Mzere womaliza ndi wosavuta. `Numerário` ndi ndalama zapamanja zomwe anapereka, 21.500,00. `Troco` ndi chenji, 388,00, ndipo 21500 kuchotsa 21112 ndi 388 ndithu. Zomwe gulu linawononga ndi 21.112,00, osati 21.500,00, nambala yaikulu kwambiri pa lisiti sikuti nthawi zonse ndiyo mtengo. `Caixa 02` apa si makatoni awiri. Mawu omwe aja a katoni amatanthauzanso malo olipirira, ndipo 02 ndi nambala ya makina a wolandira ndalama.

Tibwere ku makwacha, chifukwa amayi akufunadi kudziwa kuti zonsezi ndi zingati m'ndalama zathu, ndipo funso limenelo ndi loyenera. Yankho lake lisalowe mu lisiti. Lisiti silinena kanthu za kwacha. Mtengo wosinthira ndalama umasiyana tsiku ndi tsiku, ndiponso umasiyana pakati pa banki, osintha ndalama a pa boda, ndi umene foni imaonetsa. Tiyerekeze chabe kuti wina awerengera metikali imodzi pa K0.36, wina pa K0.40. Woyamba apeza K7,600.32, wachiwiri K8,444.80. Lisiti ndi limodzi, koma asiyana ndi K844.48, ndalama yokwanira kudanitsa anthu amene akhala akusonkha limodzi zaka zambiri. Kwa gulu lanu, mtengo woona ndi umene anzanuwo anasinthira tsiku limenelo: anapereka makwacha angati, analandira mametikali angati. Afunseni zimenezo, muzilembe pa pepala lina lokhala ndi mutu wakuti "Kuwerengera kwa gulu", ndi tsiku lake, ndipo musinthe nambala imodzi yokha, 21112. Mukasintha mzere uliwonse pawokha n'kumadula mangwee, zowonkhetsa zake sizidzagwirizana ndi nambala yapansi, ndipo mkangano udzayambiranso pa ngwee zisanu. Mukafuna kudziwa mtengo wa chitenje chimodzi m'makwacha kuti muike mtengo wogulitsira, chitani pa pepala lomwelo la gulu, ndipo musaiwale kuti chitenje chili ndi msonkho pomwe mpunga ulibe: 6840 kuonjeza 16% ndi 7934.40, kugawa kwa zitenje 40 ndi mametikali 198.36 chimodzi, thiransipoti ndi za pa boda zisanalowe. A kasitomu nawonso ali ndi mtengo wawo wosinthira umene ZRA imalengeza, ndiye ejenti wa pa boda amafuna nambala ya mametikali yoyambirira, osati makwacha owerengera inu.

Pa malisiti ochokera ku Malawi kudzera pa Mwami vutoli limabisala kwambiri, chifukwa ndalama zonse ziwiri ndi kwacha ndipo ogulitsa ena amangolemba K. Lisiti la ku Mchinji kapena ku Lilongwe likangolembedwa K45,000, lisiyeni choncho, n'kulemba m'ndemanga kuti ndi makwacha a ku Malawi malinga ndi adiresi ya sitolo. Mlingo wa VAT wa kumeneko si wofanana ndi wathu, ndiye werengani womwe wasindikizidwa pa pepalalo.

Pali chinthu china chomwe sichili pa lisiti lanuli koma mudzakumana nacho posachedwa. Pa ili, mitengo ya pamizere ilibe msonkho, msonkho wawonjezedwa pansi. Masitolo ambiri ogulitsa chimodzichimodzi, kuno ndi ku Tete komwe, amalemba mitengo yokhala ndi msonkho kale. Ku Mozambique mudzaona `IVA incluído`, kuno `VAT inclusive`. Pamenepo msonkho suwonjezedwa, umangoonetsedwa kuti m'kati mwa ndalama mwalipirazo gawo la boma ndi lakuti. Kuupeza kwake ndi motere:

```
msonkho = ndalama zonse × 16 ÷ 116
```

Lisiti la K580 lili ndi msonkho wa K80, katundu ndi wa K500. Wotenga 16% ya 580 apeza K92.80 n'kuganiza kuti makina alakwitsa, ndipo wowonjeza K80 pamwamba pa K580 alipiritsa gulu kawiri. Kuti mudziwe mtundu wa lisiti lomwe muli nalo, wonkhetsani mizere ya katundu. Ikakwana ndendende nambala yolipira, msonkho uli m'kati. Ikaperewera ndi ndalama yofanana ndi msonkho, ndiye kuti wawonjezedwa pansi. Pa malisiti a kuno mudzaonanso `Zero-rated` ndi `Exempt`. Kwa wogula onse awiri amatanthauza kuti sanalipire msonkho pa katunduyo, koma musawamasulire ndi mawu amodzi. Woyambayo ndi katundu amene ali m'kaundula wa msonkho koma pa mlingo wa 0%, ndipo wogulitsa angathe kuitanitsa msonkho umene iye analipira pogula zinthu zake. Wachiwiriyo ndi wopatulidwa, ndipo wogulitsa sangaitanitse. Akauntanti amafuna kuona kusiyana kumeneku.

Za chithunzi. Mwachita mwayi kuti ichi chinajambulidwa bwino, chifukwa mavuto ambiri a kumasulira malisiti amayambira pa kujambula. Auzeni anzanuwo kuti ulendo wina aziyala pepala pa tebulo kapena pa katoni, aliwongole kaye, alijambule pa mthunzi wowala monga pakhonde, osayatsa kuwala kwa foni chifukwa pepala lonyezimira limabweza kuwalako n'kufafaniza manambala. Foni ikhale pamwamba penipeni, ngodya zonse zinayi za pepala zioneke. Likakhala lalitali, ajambule zigawo, ndipo chigawo chilichonse chibwereze mizere iwiri ya chinzake kuti muone polumikizira. Chikhato kapena chala chogwirizira pepala nthawi zambiri chimaphimba ngodya ya kumanja kunsi, pomwe pamakhala nambala yolipira. Pa WhatsApp, chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa, ndipo timadontho ndi timipatuliro ndito timayamba kusowa. Achitumize ngati `Document`. Ajambulenso kuseri ngati kwalembedwa kanthu.

Ndipo ajambule tsiku lomwelo. Timapepala topyapyala ta m'makina timalembedwa ndi kutentha, osati inki. Tikakhala padzuwa pa galasi la minibasi, m'thumba la pulasitiki, kapena tikakhudzana ndi mafuta odzola a m'manja, zilembo zimazilala. Wina akalisita kuti liwongoke, kapena akalimata m'pulasitiki ndi makina otentha aja, pepala lonse limada bii. Pepala lenileni lisungidwe mu envulopu, ndipo mupange fotokope akangofika.

Pa chithunzi chosaoneka bwino, manambala omwe amasokonezana ndi 3 ndi 8, 5 ndi 6, 0 ndi 8. Pa malisiti olembedwa pamanja a ku Mozambique onjezanipo 1 ndi 7, chifukwa kumeneko ambiri amalemba 1 wokhala ndi mchira wautali kutsogolo, wooneka ngati 7 wathu, ndipo 7 wawo amamudula ndi kamzere pakati. Mukaona 7 wodulidwa penapake pa pepalalo, dziwani kuti wosadulidwayo ndi 1. Malisiti a pamanja nthawi zambiri amakhalanso ndi ndalama zolembedwa m'mawu, pa mzere wa `São:` kapena `Por extenso`. Wa lisiti lanuli ukanati `vinte e um mil, cento e doze meticais`. Mzere umenewu ndi mboni yachiwiri. Ukopereni momwe ulili, n'kulemba m'ndemanga ngati ukugwirizana ndi manambala kapena ayi.

Nambala ikakana kuwerengeka, musaiganizire. Tinene kuti pa mzere wa ndowa pali khwinya ndipo mukuona `1.?00,00`. Mukudziwa kuti 12 × 150 ndi 1800. Ngakhale zili choncho, m'danga loyamba lembani `1.?00,00`, ndipo m'danga lachitatu munene kuti nambala yachiwiri sikuoneka, kuti kuwerengera kukupereka 1800, ndi kuti mwapempha chithunzi china. Chimodzimodzi mukapeza kuti wogulitsa ndiye analakwitsa powonkhetsa: koperani nambala yolakwikayo momwe ilili, musonyeze kusiyana kwake m'ndemanga. Wokonza invoisi ndi mwini wake, ndipo amatero potulutsa pepala lina, `Nota de Crédito` akamachepetsa, `Nota de Débito` akamawonjeza. Mlembi akakonza yekha, ngakhale akonze molondola, wafufuta umboni umene gulu likanabwerera nawo ku sitolo. Zidindo, masiginecha ndi zolembedwa ndi cholembera pambali nazonso zitchuleni: "apa pali chidindo cha sitolo", "apa pali siginecha yosawerengeka".

Foni ya mwanayo musaitaye, ili ndi ntchito yake. Kamera yomasulira imathandiza kudziwa msanga kuti `balde` ndi ndowa. Vuto lake ndi lakuti imafuta zolemba zenizeni n'kujambula zake pamwamba, manambala omwe. Pepala likapendekeka pang'ono imasuntha mtengo kuupititsa pa mzere wa katundu wina, ndipo chithunzi chotulukacho chimaoneka chaudongo moti munthu sakayikira. Muziigwiritsa ntchito pofunsa mawu, limodzilimodzi ngati n'kotheka. Manambala muziwakopera ndi maso anu kuchokera pa chithunzi choyambirira, mutachikulitsa ndi zala.

Mukamaliza, itanani msungichuma. Iye agwire foni, inu mugwire pepala. Iye aziwerenga mokweza nambala iliyonse chizindikiro ndi chizindikiro, "ziwiri, imodzi, kadontho, imodzi, imodzi, ziwiri, mpatuliro, ziro, ziro", inu muzichonga. Manambala a ndalama pa lisiti limeneli ndi osakwana makumi atatu, sizitenga mphindi khumi. Pansi pa pepala lembani kuti mwamasulira kuchokera pa chithunzi, osati pa pepala lenileni, tsiku lake, ndipo musayine nonse awiri. Pa msonkhano yalani mapepala atatu pamodzi: chithunzi chosindikizidwa, kumasulira kwanu, ndi kuwerengera kwa gulu. Yambani ndi mzere wa mpunga, amayi aone okha pa kakyuleta 4 × 1450, kenako 16% ya 5800. Zimenezi zikwanira pa gulu. Ngati pepalali lidzafunike ku khoti kapena ku ofesi ya boma, afunseni kaye ngati akufuna kumasulira kotsimikizidwa ndi chidindo, ndipo kumeneko mudzanyamule lisiti lenileni lija la mu envulopu.